Mnzanga walandira kale ndalama pa foni, ndilowe nawo?

Funso: Ndimayendetsa kabaza wa njinga yamoto ku Luchenza. Mnzanga wandiika pa gulu la WhatsApp pomwe akuti ukaika K50,000 umalandira K2,500 tsiku lililonse, ntchito yake n'kungodina zithunzi za katundu pa apu yawo. Ukabweretsa munthu amakupatsanso K5,000. Iyeyo watapako kale kawiri, meseji ya Mpamba ndaiona ndi maso anga. K50,000 ndili nayo, ndimasungira matayala. Kodi ikanakhala yabodza akanamulipira? Ndilowe?

Yankho: Achimwene, musalowe, kaguleni matayalawo. Mnzanuyo sakukunamizani ayi, ndalamazo walandiradi ndipo meseji munaionayo mwina ndi yeniyeni. Koma kulipidwa kwake si umboni woti bizinesiyo ilipo. Pa chinyengo cha mtundu uwu anthu oyambirira amayenera kulipidwa ndithu, apo ayi palibe wina angabwere. N'chimodzimodzi munthu akafuna kugwira nkhuku: amayamba wamwaza chimanga chenicheni pakhomo, nkhuku yoyamba n'kudyadi, zinzake n'kuthamangira.

Funso limene ndimafunsa aliyense wondibweretsera nkhani yotereyi ndi limodzi. K2,500 imene akukupatsani tsiku ndi tsikuyo ikuchokera m'thumba la ndani? Pa kabaza wanu yankho lilipo: munthu wakwera kuchokera pa Luchenza kupita pa Chonde, walipira. Mayi wogulitsa nanazi pa Chitakale yankho ali nalo. Ngakhale ku banki m'khonde, komwe chiwongoladzanja chimakwera ndithu, mukhoza kuloza ndi chala mayi amene anabwereka K20,000, anakaoda tomato ku Bvumbwe, nabweza ndi kena pamwamba, ndipo zonse zili m'kope lomwe gulu lonse limaona. Chipereganyu nachonso sichibisa kanthu, chifukwa chimene mwaika n'chimene mumalandira, palibe amene amati ndalama yabereka. Nanga pa apuyo? Iwo adzati makampani akunja amalipira kuti anthu azidina zithunzi za katundu wawo. Tangoganizani. Kampani imene ikufuna kuti muigwirire ntchito, ingakuuzeni kuti muyambe mwaipatsa K50,000? Ku esiteti ya tiyi wothyola masamba salipira kuti amupatse dengu. Ndipo ngati malipiro ali a kudinako, n'chifukwa chiyani woika K200,000 amalandira zambiri kuposa woika K50,000 pomwe chala n'chimodzimodzi? Kudinako n'kongokutangwanitsani kuti muziona ngati mwagwira ntchito. Ndalama yokhayo imene imalowa mmenemo ndi ya anthu ngati inu.

Tiyeni tione kukula kwa lonjezolo. K2,500 pa K50,000 ndi 5 pa 100 iliyonse, pa tsiku limodzi. Munthu atamabwezera phindulo momwemo tsiku lililonse, monga amakulimbikitsirani, K50,000 ija ingafike cha m'ma K216,000 pa masiku 30, n'kupitirira K4 miliyoni pa masiku 90, ndipo pa masiku 180 ingadutse K300 miliyoni. Palibe malonda pa dziko lino amene amabereka chonchi. Munthu amene akanakhala nayo njira yotere sakanavutika n'kusaka anyamata a kabaza pa WhatsApp. Akanapita ku banki ku Limbe kukabwereka, pakuti chiwongoladzanja cha ku banki amawerengera pa chaka, ndipo iye akanachibweza m'masabata awiri okha.

Tsopano ndikufuna mukhale pa mpando wa mwini gululo, tione kope lake. Manambalawa ndi ongoyerekeza kuti muone mmene chimayendera, koma ndagwiritsa ntchito mitengo yomwe mwaitchula. Munthu mmodzi amaika K50,000, amalandira K17,500 pa sabata, ndipo wobweretsa mnzake amapatsidwa K5,000.

Sabata yoyamba alowa anthu 20. Mwini gulu walandira K1,000,000, walipira K350,000, watsala ndi K650,000. Anthu 20 aja akondwa, ajambula mameseji awo n'kuponya pa gulu. Mnzanuyo ali m'gulu la anthu amenewa, kapena la otsatira.

Sabata yachiwiri aliyense wabweretsa awiri, ndiye kuti alowa 40 atsopano ndi K2,000,000. Mwini gulu walipira K200,000 ya komishoni ndi K1,050,000 ya anthu 60 amene alipo tsopano. Watsala ndi K750,000, kuphatikiza ndi ya sabata yatha ndi K1,400,000.

Sabata yachitatu nkhani yafika ku tchalitchi, ku mpira ndi ku siteji ya njinga. Alowa 80, abweretsa K4,000,000. Komishoni yatenga K400,000, malipiro a anthu 140 atenga K2,450,000. M'thumba la mwini gulu muli K2,550,000.

Sabata yachinayi ndiyo muyang'anitsitse. Alowanso anthu 80, chimodzimodzi sabata yatha. Kwa munthu woona kunja zinthu zili bwinobwino, gulu likukulabe, mameseji a "ndalandira, Mulungu adalitse" akungogwa. Koma m'kope muja zasintha. Yalowa K4,000,000, pomwe yofunika kutuluka ndi K400,000 ya komishoni ndi K3,850,000 ya anthu 220, zonse pamodzi K4,250,000. Akalipira, aluza K250,000, ndipo sabata yotsatira aluza zoposa apo. Iye ndiye yekha amene akuona manambala amenewa. Sadikira kuti anthu asiye kulowa, amangoona kuti kuchulukana kwachepa mphamvu, basi. Amalandira K4,000,000 ya sabata imeneyo, salipira aliyense, amachoka ndi K6,550,000.

Tiwerenge amene atsala. Anthu 20 oyamba aja, pamodzi ndi komishoni, alandira K62,500 aliyense, ndiye kuti apindula K12,500. Anthu 40 achiwiri alandira K45,000, aluza K5,000. Anthu 80 achitatu alandira K17,500 yokha. Anthu 80 omaliza sanaone ngakhale tambala. Pa anthu 220, oluza ndi 200. Ndipo apa ndamukomera mtima mwini gulu uja, chifukwa ndayerekeza kuti aliyense amatapa ndalama zake zonse sabata iliyonse. Zoona zake n'zakuti ambiri satapa. Amaona nambala ikukwera pa apu, K17,500, K35,000, adimini n'kuwauza kuti akawonjezera pang'ono akwera kuchoka pa `VIP 1` kupita pa `VIP 2` komwe malipiro ndi okwera. Ndiye ngakhale anthu 20 opindula aja, ambiri amabwezamo zonse, ena n'kuwonjezerapo ya katapila kapena ya fetereza. Nambala imene mumaiona pa apu si ndalama. Ndi cholembedwa chabe chimene mwini wake amatha kusintha mmene wafunira. Ndalama ndi imene yafika pa Mpamba kapena pa Airtel Money yanu.

Mwina mumtima mukuti, ndiye ndilowe msanga, ndibweze yanga pa masiku 20, ndituluke. Ganizo limeneli ndimalimva kawirikawiri, makamaka kwa anyamata ochenjera amene azindikira kale kuti chinthuchi chidzagwa. Pali zinthu ziwiri zokutsutsani. Choyamba, simukudziwa kuti lero ndi sabata yachingati. Gulu la WhatsApp lomwe mulimolo likhoza kukhala latsopano, koma anthu omwewo ali ndi magulu ena ku Lilongwe, ku Mzuzu ngakhale kunja kwa dziko lino, ndipo kope ndi limodzi. Nkhani ikamafika poti mnzanu watapa kawiri ndipo akusaka anthu pa siteji, nthawi yapita kale. Chachiwiri n'chimene chimandipweteka ine: mukapambana, ndalama mwadyayo ndi ya munthu amene analowa pambuyo panu, ndipo munthu ameneyo nthawi zambiri ndi mlongo wanu, mlamu wanu kapena mayi wa mu kwaya amene anakhulupirira chifukwa anaona inu. Mwini gulu sadziwika nkhope. Chikagwa, anthu sapita kwa iye, amabwera pakhomo pa amene anawatumizira linki, ndipo milandu yake imakathera kwa amfumu kapena ku polisi. Pa Luchenza mudzakhalabe pomwepo, mukunyamula anthu omwewo.

Anthu olowa amatha msanga kuposa mmene timaganizira. Tiyerekeze kuti aliyense azibweretsa atatu, atatuwo atatu awo, kumangopita choncho. Pofika mzere wa 13 pakufunika anthu oposa 1.5 miliyoni pa mzere umenewo wokha. Kalembera wa 2018 anapeza kuti Thyolo ndi Mulanje pamodzi kunali anthu pafupifupi 1.4 miliyoni, kuwerengera ndi makanda omwe. N'chifukwa chake chinthuchi sichigwa chifukwa cha tsoka kapena chifukwa boma lachita nsanje, monga amanenera ma adimini. Chimagwa chifukwa ndi mmene chinapangidwira. Charles Ponzi ku Boston mu 1920 ankalonjeza phindu la 50 pa 100 m'masiku 45, oyamba ankalipidwadi, ndipo chaka chomwecho zinatha. Gulu lina lotere lotchedwa MMM ku Nigeria linkalonjeza 30 pa 100 pa mwezi, mu Disembala 2016 linatseka ndalama za anthu. Onani kuti onsewa ankalonjeza zochepa kwambiri poyerekeza ndi za gulu lanuli. Lonjezo likakula, moyo wa chinthucho umafupika, ndipo za 5 pa 100 pa tsikuzi zimawerengedwa m'masabata kapena miyezi yochepa.

Pali zinthu zimene mungaone nokha usiku uno pa foni yanu popanda kutaya kwacha iliyonse. Funsani nambala yotumizirako ndalama, muyambe ngati mukutumiza, muone dzina limene libwere musanalembe PIN, kenako musiye. Mudzapeza dzina la munthu wamba, osati la kampani. Mawa funsaninso. Kawirikawiri nambala imakhala yasintha, dzinanso lasintha. Iwo amati ndi ma ejenti awo osiyanasiyana. Zenizeni n'zakuti ndi ma simukhadi olembetsedwa ndi ziphaso za anthu ena, ena ogulidwa, ena obwerekedwa, ndipo ndalama ikangofika amaitapa kapena kuisamutsa nthawi yomweyo. Pano ndikuchenjezeniretu: akadzakuuzani kuti mwachita bwino, mukhale ejenti wa ku Thyolo, anthu azitumiza ndalama pa nambala yanu inu muzipititsa kwina, mukane. Tsiku lakugwa, dzina limene lidzakhale pa meseji ya aliyense wodandaula ndi lanu, ndipo apolisi adzayambira pa inu.

Kenako yang'anani mmene gululo likuyendera. Nthawi zambiri amaika kuti olemba ndi ma adimini okha, n'kumatsegula kanthawi kochepa kuti anthu aponye zithunzi za malipiro. Likatseguka, lembani funso limodzi mwaulemu: kampaniyi ofesi yake ili pati ku Malawi kuno, ndipo chiphaso cha ku Reserve Bank of Malawi nambala yake ndi chani? Muone chimene chichitike. Mwina funsolo lifufutidwa, mwina akuchotsani, mwina anthu atatu anayi akukalipirani kuti ndinu wa maganizo a umphawi. Ena mwa okalipawo ndi munthu mmodzi yemweyo ndi mafoni angapo, ndipo zina mwa zithunzi za malipiro ndi zopanga, chifukwa kusintha manambala pa chithunzi cha meseji si ntchito yovuta. Kampani yeniyeni ikafunsidwa za chiphaso siikwiya, imangochionetsa.

Pa nkhani ya chiphasoyi ndipo anthu ambiri amapusitsidwa, ngakhale aphunzitsi ndi anamwino. Adimini amaponya chithunzi cha satifiketi yokhala ndi chidindo, nthawi zina ya ku Malawi, nthawi zina ya ku Mangalande kapena ku Amereka. Ngakhale itakhala yeniyeni, imeneyo ndi kalata yolembetsa dzina la bizinesi basi, yonga yomwe angatenge munthu wotsegula golosale pa Limbuli. Siipereka chilolezo chosonkhanitsa ndalama za anthu n'kulonjeza phindu. Chilolezo chimenecho ku Malawi kuno chimachokera ku Banki Yaikulu, Reserve Bank of Malawi, komwe Gavanala wake ndiyenso mkulu woyang'anira mabungwe onse a zachuma malinga ndi lamulo la Financial Services Act la 2010. Mabanki, ma SACCO, mabungwe obwereketsa ngongole zing'onozing'ono, a inshulansi, a penshoni ndi ogulitsa masheya onse amadutsa kumeneko. Wotolera ndalama za anthu wopanda chiphaso chimenecho akuphwanya lamulo, kaya akulipira kaya sakulipira. Musakhulupirire chithunzi cha pa gulu. Funsani ku Banki Yaikuluko, maofesi ali ku Lilongwe, Blantyre ndi Mzuzu, pogwiritsa ntchito nambala imene mwaipeza nokha, osati imene wakupatsani adimini.

Apu yomweyo nayo ili ndi vuto lake. Ngati munaiika kudzera pa linki ya pa gulu, fayilo yothera ndi `.apk`, osati kuchokera ku Play Store, ndipo inapempha kuti iziwerenga mameseji ndi manambala a m'foni mwanu, ichotseni ndipo musinthe PIN ya Mpamba ndi ya Airtel Money. Apu yowerenga mameseji imatha kuona manambala achinsinsi amene banki imakutumizirani. Musatumizenso chithunzi cha chiphaso chanu cha unzika kwa munthu amene simukumudziwa, pakuti ndi ziphaso zoterezi amalembetsera ma simukhadi aja.

Mnzanuyo ali kale m'kati, ndiye ndi bwino adziwe mmene mapeto amaonekera. Chizindikiro choyamba ndi mphatso. Mwadzidzidzi amalengeza kuti woika ndalama sabata ino alandira kawiri, kapena kuti malo atsala ochepa, atseka Lachisanu. Apa ndiye kuti sabata yachinayi ija yafika, akukokolola komaliza. Kenako malamulo otapira amasintha. Dzulo umatapa K5,000, lero akuti uyambe wafikitsa K30,000, kapena kutapa ndi Lachitatu lokha, kapena uyambe wabweretsa anthu awiri. Ukadina `Withdraw` pamangolembedwa `Pending`. Adimini amati akukonza makina, kapena netiweki ya Mpamba ndiyo yavuta, pomwe kuika ndalama kukuyenda bwinobwino. Chomaliza ndiye chankhanza: amati kuti akaunti yanu itsegulidwe mulipire msonkho kapena ndalama yotsimikizira, mwina K15,000, mwina gawo la ndalama yomwe ikuoneka pa apu. Munthu amene akuona K180,000 pa foni amaona ngati K15,000 n'chaching'ono, amakabwereka. Palibe chimene chimatuluka. Msonkho weniweni pa phindu saulipira potumiza ndalama pa nambala ya munthu. Gulu likatha, pakapita masiku pamabwera wina, amati ndi loya kapena wodziwa za makompyuta, akhoza kubweza ndalama zanu mukamupatsa kachiyambi. Kawirikawiri ndi anthu omwewo, manambala anu ali nawo kale.

Choti mnzanuyo achite n'chapafupi ngakhale n'chowawa. Asaikenso kanthu, ngakhale atamulonjeza zotani. Ayese kutapa zonse zimene zingatheke lero lomwe, asadikire kuti zikwane nambala yabwino. Asiye kuitana anthu, ndipo amene anawabweretsa awauze yekha msanga, chifukwa munthu amakhululuka mosavuta akachenjezedwa kusiyana n'kuti adzamve zitagwa kale. Asafufute meseji iliyonse ya Mpamba kapena Airtel Money, pakuti mmenemo muli nambala ya wolandira, dzina lake, tsiku ndi nambala ya kutumizako, ndipo ndi zimene apolisi ndi kampani ya foni amagwiritsa ntchito. Ajambulenso zokambirana za pa gulu ndi manambala a ma adimini asanamuchotse. Akatero akanene ku kampani ya foniyo ndi ku polisi ya pafupi, kaya pa Luchenza pomwepo kaya pa boma ku Thyolo, ndipo apite pamodzi ndi anzake oberedwa, chifukwa dandaulo la anthu khumi okhala ndi manambala ofanana limayenda kuposa la munthu mmodzi. Sindikufuna kukunamizani: ndalama zotere sizibwerera kawirikawiri, chifukwa zimakhala zatapidwa kalekale. Koma kunena msanga kumatha kutseketsa nambala zimene akulandirira anthu ena asanatumizepo, ndipo kwa munthu amene anaitanako anzake, kukhala woyamba kukanena kumaonetsa kuti naye anapusitsidwa.

Polankhula naye musayambe ndi mawu akuti wapusa kapena wakubera, chifukwa adzangouma mutu n'kukuonetsaninso meseji ija. Tengani pepala mukhale naye pansi. Mbali imodzi alembe zonse zimene watumiza kuyambira tsiku loyamba, kuphatikizapo zowonjezera zokwerera VIP ndi mabandulo. Mbali inayo alembe zokhazo zimene zafika pa Mpamba, osawerengera nambala ya pa apu. Anthu ambiri amene amati akupindula, akalemba chonchi amapeza kuti atumiza K50,000 kapena kuposa, atapa K10,000 kawiri, ndiye kuti adakali ndi K30,000 m'manja mwa munthu amene sanamuonepo. Akakana kuwerengako, mupempheni chinthu chimodzi chokha: adine `Withdraw` pa ndalama zonse zimene zikuoneka pa apuyo, inu muli pomwepo, muone limodzi chimene apuyo iyankhe.